Momwe mungafufuzire zolakwika mu bajeti ya pa Excel

Kabokosi kakalemba `#REF!` kapena `#DIV/0!`, munthu aliyense amaona kuti pali vuto ndipo amakonza. Zimene zimapweteka anthu ndi zolakwika zotulutsa nambala yooneka bwinobwino, yokhala ndi makoma ake m'malo mwake, yoti abwana aiwerenge pa msonkhano anthu n'kugwedezera mitu. Excel sadziwa kuti malipiro a antchito ayenera kukhala angati. Iye amangowerengetsera zomwe wauzidwa, ndipo akauzidwa zolakwika amaziwerengetsera molondola kwambiri. Choncho wofufuza bajeti sayang'ana ngati pulogalamu yachita bwino masamu. Amayang'ana ngati masamu amene yapatsidwa ndi oyenera, ngati manambala olowa m'masamuwo ali ndi gwero, komanso ngati onse ali pa muyeso umodzi.

Tiyeni tiyende limodzi mu bajeti imodzi yachitsanzo. Manambala ake ndawapeka kuti tiphunzirirepo, ndipo dzina la ndalama sindilitchula chifukwa silisintha kanthu. Ndi bajeti ya chaka chimodzi ya bungwe laling'ono lokhala ndi antchito 12 ndi galimoto zitatu. Fayilo ili ndi masamba atatu. Pa tsamba la `Zolowetsa` pali manambala oyambira, monga chiwerengero cha antchito ndi mtengo wa mafuta. Pa tsamba la `Miyezi` pali zowononga mwezi ndi mwezi, Januwale ali mu kolamu `C`, Disembala mu `N`, ndipo zonse za chaka zili mu `O`. Mizere 5 mpaka 12 ndi malipiro, penshoni, lendi, mafuta, magetsi ndi madzi, maphunziro a antchito, zipangizo ndi inshuwalansi, ndipo mzere 13 ndi wophatikiza. Tsamba la `Chidule` likunena kuti ndalama zolowa ndi 420,000, zotuluka ndi 398,367, kutsala 21,633. Bajeti yabwino ndithu poyang'ana.

Musanagwire fomula iliyonse, sungani kope ya fayiloyo pa dzina lina n'kumagwira ntchito pa kopeyo. Onaninso pa `Formulas` kuti `Calculation Options` ili pa `Automatic`, chifukwa ikakhala pa `Manual` manambala amene mukuwaona akhoza kukhala akale, osagwirizana ndi zomwe zili m'tibokosi panopa. Dinani kumanja pa dzina la tsamba lililonse muone ngati `Unhide` ikusonyeza masamba obisika, ndipo kumbukirani kuti pali masamba ena obisika kwambiri, oikidwa pa `xlSheetVeryHidden`, omwe saoneka pa mndandanda umenewo koma mu `Alt+F11`. Zimenezi ndi za mphindi zochepa.

Kenako tengani pepala ndi cholembera. Ine sitepe iyi ndimaiona yofunika kuposa batani lililonse la mu Excel, ndipo ndi imene anthu amakonda kuilumpha. Werengetserani nokha mzere uliwonse mwachidule, musanaone momwe mwini fayilo anachitira. Antchito 12, aliyense 2,000 pa mwezi, ndi 24,000 pa mwezi, 288,000 pa chaka, kuwonjezapo pang'ono chifukwa malipiro akwera pakati pa chaka. Fayilo ikuti 299,520, pafupifupi. Lendi 3,000 pa mwezi ndi 36,000, zagwirizana. Mukamaliza mizere yonse muphatikize pamanja manambala a mu kolamu `O` monga akuonekera. Mu bajeti yathuyi mupeza 416,367, pomwe kabokosi kophatikiza kakuti 398,367. Pasowa 18,000 ndendende, ndipo mukayang'ana m'mwamba muona kuti mzere wa inshuwalansi, 1,500 pa mwezi, ndi 18,000 pa chaka.

Dinani pa `C13` n'kusindikiza `F2`. Excel azunguliza ndi mzere wamtundu tibokosi tomwe fomulayo ikutenga, ndipo muona kuti mzerewo wathera pa 11:

```
=SUM(C5:C11)
```

Nkhani yake ndi yodziwika. Bajeti inapangidwa ili ndi mizere isanu ndi iwiri, kenako wina anakumbukira inshuwalansi n'kulowetsa mzere watsopano pamwamba penipeni pa mzere wophatikiza. Mzere ukalowetsedwa pakati pa 5 ndi 11, `SUM` imatambasuka yokha. Ukalowetsedwa kumapeto, kunja kwa malire ake, nthawi zina Excel amaitambasula, nthawi zina ayi. Kawirikawiri amaika kachizindikiro kobiriwira pa ngodya ya kabokosi kochenjeza kuti fomula yasiya tibokosi toyandikana nato, koma fayilo ikakhala ndi tizizindikiro totere makumimakumi, maso amazolowera osationanso.

Vuto lomweli linagwera akatswiri a zachuma awiri a ku Harvard, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff. Mu 2010 analemba kuti maiko amene ngongole ya boma yapitirira 90 peresenti ya chuma chonse cha dziko, chuma chawo chimatsika ndi 0.1 peresenti pa chaka pa avereji. Mu 2013 wophunzira wa ku Yunivesite ya Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, pamodzi ndi aphunzitsi ake Michael Ash ndi Robert Pollin, anapeza kuti fomula ya avereji inasiya maiko asanu mwa 20: Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Atakonza zonse zomwe anapeza, nambala ija inakhala kukula kwa 2.2 peresenti. Chomwe anthu ambiri amaiwala pa nkhaniyi n'chakuti fomula yoduka ija inabweretsa gawo laling'ono chabe la kusiyanako. Gawo lalikulu linachokera ku zisankho: zaka zina za maiko ena zinasiyidwa, ndiponso dziko lokhala ndi chaka chimodzi cha ngongole yaikulu linapatsidwa kulemera kofanana ndi dziko lokhala ndi zaka zambiri. Mu bajeti n'chimodzimodzi, fomula yoduka ndi yosavuta kuigwira kusiyana ndi ganizo lobisika.

Tisanafike kumeneko, timalize za mafomula. Lamulo la bajeti yolongosoka ndi lakuti mzere umodzi ukhale ndi fomula imodzi kuchokera Januwale mpaka Disembala. Sankhani tibokosi `C5:N12`, kuyambira pa `C5`, musindikize `F5`, kenako `Special`, kenako `Row differences`. Excel asiya chosankhidwa kabokosi kalikonse kamene fomula yake ikusiyana ndi ya mu kolamu `C` pa mzere womwewo. Mu fayilo yathu patsala `I5` mpaka `N5`, `L6` ndi `E11`. Tipakeni utoto musanadine kwina. Njira ina ndi kusindikiza `` Ctrl+` `` kuti tsamba lonse lionetse mafomula m'malo mwa mayankho, koma pa tsamba lalikulu maso amatopa msanga, ndipo fomula yokokedwa bwino imaoneka yosiyana kabokosi kalikonse chifukwa zilembo zimasuntha. Mukayatsa `R1C1 reference style` mu `Options`, fomula yokokedwa bwino imalembedwa mofanana ndendende mzere wonse, yosiyana n'kuonekera poyera.

`L6` ndi penshoni ya Okutobala. Anzake onse ndi 10 peresenti ya malipiro a mwezi umenewo, koma mu `L6` muli nambala yolembedwa pamanja, 2592. Lero nambalayi ndi yolondola, chifukwa malipiro a Okutobala ndi 25,920. N'chifukwa chake palibe anaiona. Koma tsiku limene wina adzasinthe malipiro kapena chiwerengero cha antchito, miyezi 11 idzasuntha, Okutobala n'kukhala pomwepo. Manambala otere amalowa munthu akakopa kuchokera kwina n'kumata pamwamba pa fomula, kapena akafuna kuti zinthu zigwirizane mwamsanga lipoti lisanapite. `Go To Special` yomweyo, mukasankha `Constants` n'kusiya chochongedwa pa `Numbers` pokha, imaonetsa manambala onse olembedwa pamanja m'dera lomwe mumayembekezera mafomula okhaokha.

Tsopano `I5`, malipiro a Julayi:

```
=Zolowetsa!$B$3*Zolowetsa!$B$4*1.08
```

`B3` ndi `B4` ndi chiwerengero cha antchito ndi malipiro a mmodzi pa mwezi. Apa `Constants` sikanakuthandizani, chifukwa kabokosika ndi fomula. Koma mkati mwake mwabisala ganizo lalikulu, loti kuyambira Julayi malipiro akwera ndi 8 peresenti. Palibe paliponse pamene palembedwa zimenezi ndi mawu. Choipa kwambiri, pa tsamba la `Zolowetsa` pali kabokosi `B5` kolembedwa kuti kukwera kwa malipiro, ndipo muli 5 peresenti. Aliyense wowerenga tsamba limenelo akhulupirira kuti bajeti yamangidwa pa 5. Imani pa `B5` mudine `Trace Dependents`: Excel akuuzani kuti palibe fomula imene ikutenga kabokosika. Ndi kakufa. Mukhoza kulembamo 50 peresenti, bajeti osagwedezeka.

Kuyesa kumeneku ndi kwabwino kuchita pa nambala iliyonse ya pa tsamba la zolowetsa, ndipo sikufuna `Trace Dependents` ayi. Sinthani nambala imodzi, muyambe mwanena nokha zomwe ziyenera kuchitika, kenako muone. Mukasintha antchito kuchoka pa 12 kupita pa 0, malipiro ndi penshoni ziyenera kukhala 0 miyezi yonse. Mu fayilo yathu mutsala 2,592 mu Okutobala, ndiye `L6` uja wadziulula yekha. Mukachulukitsa mtengo wa mafuta kawiri, mzere wa mafuta uchuluke kawiri ndipo mizere ina isasunthe. Chosuntha pomwe sichiyenera kusuntha chimasonyeza fomula yoloza polakwika, zomwe zimachitika kawirikawiri pamene chizindikiro cha `$` chaiwalika, fomula pokokedwa n'kumatsetsereka kuchoka pa `B6` kupita `C6`, `D6`. Mukatha kuyesa bwezerani nambala yoyamba musanakhudze ina.

Kusiyana kwa 5 ndi 8 ndi ndalama zenizeni. Pa 8 peresenti miyezi isanu ndi umodzi yomaliza ndi 25,920 uliwonse, chaka chonse 299,520. Pa 5 peresenti ndi 25,200, chaka chonse 295,200. Kusiyana ndi 4,320, kuphatikizapo 432 wa penshoni, zonse 4,752. Koma yoona ndi iti? Fayilo singakuuzeni. Mwina akuluakulu anavomereza 8 mwini fayilo n'kusintha fomula mwachangu, kuiwala tsamba la zolowetsa. Mwina 8 ndi ya chaka chatha. Wofufuza asasankhe yekha. Alembe funso, afunse kalata kapena maminitsi a msonkhano womwe unagamula. Chomwe angakonze ndi kamangidwe, kuti peresenti ndi mwezi woyambira zonse zikhale poyera. Mwezi woyambira uikidwe mu `B7` ngati 7, mzere 3 wa `Miyezi` ukhale ndi manambala a miyezi 1 mpaka 12, ndipo fomula imodzi iyende mzere wonse:

```
=Zolowetsa!$B$3*Zolowetsa!$B$4*(1+IF(C$3>=Zolowetsa!$B$7,Zolowetsa!$B$5,0))
```

Pali maganizo ena obisika omwe alibe nambala konse yoti muifufuze ndi `Ctrl+F`. Bajeti iyi ikuganiza kuti antchito onse 12 akhalapo kuyambira Januwale mpaka Disembala, kuti mtengo wa mafuta sudzasintha chaka chonse, ndi kuti ndalama zolowa zidzabwera zonse. Mwina n'zomveka, mwina ayi, koma wovomereza bajeti ayenera kuzidziwa. Njira yozitulutsira ndi kufotokoza fomula iliyonse ndi chiganizo chathunthu, mokweza ngati mungathe. Mukamva mukunena kuti "malinga ngati", dziwani kuti mwapeza ganizo loti lilembedwe. Onaninso mu `Name Manager`, `Ctrl+F3`, chifukwa dzina looneka losalakwa likhoza kukhala ndi nambala yolembedwa momwemo yosapezeka m'kabokosi kalikonse. Ndipo paliponse pali `IFERROR(…,0)` chotsani kanthawi muone chomwe chikuphimbidwa, chifukwa mtengo womwe sunapezeke ukasanduka 0, chinthucho chimalowa mu bajeti ngati chaulere.

Zolakwika za miyeso ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa palibe chida cha mu Excel chimene chimazigwira. Fomula imakhala yofanana mzere wonse, imaloza tibokosi toyenera, ilibe nambala yobisika, koma yankho n'lolakwika. Onani mzere wa mafuta:

```
=Zolowetsa!$B$8*Zolowetsa!$B$9/Zolowetsa!$B$10*Zolowetsa!$B$11
```

`B8` ndi galimoto 3, `B9` ndi makilomita 2,500 pa galimoto pa mwezi, `B11` ndi mtengo wa lita, 1.50. `B10` yalembedwa kuti kamwedwe ka mafuta, ndipo muli 12. Fomula ikugawa makilomita 7,500 ndi 12, kupeza malita 625, ndalama 937.50 pa mwezi, 11,250 pa chaka. Kugawa kumeneku n'kolondola ngati 12 akutanthauza makilomita 12 pa lita imodzi. Koma kamwedwe ka galimoto kamanenedwanso mwanjira ina, malita pa makilomita 100 aliwonse. Mukafunsa woyang'anira galimoto n'kukuuzani kuti 12 wake ndi malita 12 pa makilomita 100, masamu amatembenuka: 7,500 kugawa ndi 100, kuchulukitsa ndi 12, ndi malita 900, ndalama 1,350 pa mwezi, 16,200 pa chaka. Bajeti yaperewera 4,950. Chovuta n'chakuti 12 ndi nambala yomveka pa miyeso yonse iwiri, kotero ngakhale wodziwa galimoto sangaikayikire pongoiona.

Mankhwala ake ndi kolamu imodzi yowonjezera pa tsamba la zolowetsa, yolembamo muyeso wa nambala iliyonse mokwanira: osati "makilomita" chabe koma "makilomita pa galimoto pa mwezi". Kenako chitani masamu ndi mawuwo. Galimoto kuchulukitsa ndi makilomita pa galimoto pa mwezi kutsala makilomita pa mwezi. Kuchulukitsa ndi malita pa kilomita kutsala malita pa mwezi. Kuchulukitsa ndi ndalama pa lita kutsala ndalama pa mwezi, chomwe mzerewo ukufuna. Mukayesa kugawa makilomita ndi malita pa makilomita 100, mawu sathetsana, mumatsala ndi chinthu chopanda dzina. Nambala imene simungathe kuilembera muyeso, imeneyo ndi yoti mufunse. Njira yomweyi imagwira chiwongola dzanja cha pa chaka chogwiritsidwa ntchito mwezi uliwonse osachigawa, lendi ya miyezi itatu yolowetsedwa ngati ya mwezi umodzi, mtengo wokhala ndi msonkho wosakanizidwa ndi wopanda msonkho, ndi ndalama za maiko awiri zophatikizidwa mu kolamu imodzi.

Onani chinthu china apa. Ngati 5 peresenti ndiye yoona, malipiro ndi penshoni zapitirira ndi 4,752, mafuta aperewera ndi 4,950. Zolakwika ziwirizi zikakumana pa mzere wophatikiza zimatsala 198 yokha. Munthu woyang'ana nambala yomaliza yokha n'kuiyerekeza ndi ya chaka chatha sangaone chilichonse. N'chifukwa chake kuwerengetsera pa pepala kuja kumachitika mzere ndi mzere.

Kwatsala `E11`, zipangizo zogulidwa mu Malichi. Muli 45. Pakati pa manambala a zikwi makumi, 45 amaoneka ngati kanthu kakang'ono kogulidwa kamodzi, ndipo diso limadutsa. Koma pepala lochokera ku dipatimenti yomwe inapempha zipangizozo lalembedwa m'zikwi, mutu wake uli ndi `'000`, ndipo 45 ndi 45,000. Wokopa anatenga nambala n'kusiya mutu. Apa pokha bajeti yataya 44,955, kuposa zolakwika zina zonse pamodzi, ndipo palibe fomula yolakwika ngakhale imodzi.

Pa nkhani ya zikwi pali msampha winanso. Excel amatha kuonetsa nambala m'zikwi popanda kuisintha, pogwiritsa ntchito kalembedwe ka `#,##0,` kokhala ndi koma kumapeto. Kabokosi kokhala ndi 45000 kamaoneka 45. Choncho tibokosi tiwiri tikhoza kuoneka 45 tonse, kena kali ndi 45, kena 45,000. Musakhulupirire zooneka pa tsamba. Dinani kabokosi muwerenge pa mzere wa fomula pamwamba, kapena pa kope yanu sinthani tsamba lonse likhale `General` kwa kanthawi. Pomwepo muonanso peresenti yolembedwa 5 m'malo mwa 0.05. Manambala osungidwa ngati mawu, omwe `SUM` imawadumpha mwakachetechete, mumawagwira poyerekeza `COUNT` ndi `COUNTA` pa dera limodzi: zikasiyana, muli kabokosi kosawerengedwa.

Tikaphatikiza zonse, zotuluka si 398,367. Kuwonjezera 18,000 wa inshuwalansi, 44,955 wa zipangizo ndi 4,950 wa mafuta, n'kuchotsa 4,752, tikupeza 461,520 ngati malipiro akwera ndi 5 peresenti, kapena 466,272 ngati ndi 8. Pa ndalama zolowa 420,000, zotsala 21,633 zija zasanduka kuperewera kwa 41,520 kapena 46,272. Pokonza chitani chimodzichimodzi, n'kumalemba nambala yomaliza mukatha chilichonse, kuti masitepe onse akaphatikizidwa afike ndendende pa kusiyana konse. Ngati mutakonza malipiro kukhala 5 peresenti musanabwezere fomula mu `L6`, mupeza kuti mwapitirira ndi 72, kusiyana kwa 2,592 ndi 2,520, ndipo mudziwa pomwe pali.

Musanabweze fayilo siyanimo kabokosi kolondera, kophatikiza manambala m'njira ina yosadalira mzere 13:

```
=ROUND(SUM(C4:N13)-2*SUM(C13:N13),2)=0
```

Fomulayi ikuyambira pa mzere 4, womwe uli ndi maina a miyezi olembedwa ngati mawu, ndipo ikuthera pa mzere wophatikiza womwe, kotero mzere uliwonse watsopano umagwera mkati mwake ngakhale walowetsedwa kumapeto. Mizere yonse pamodzi ndi wophatikiza ziyenera kukhala wophatikiza kawiri. Zikasiyana imalemba `FALSE`. `ROUND` ilipo chifukwa kompyuta imasunga madesimo mosakwanira ndendende, ndipo katsalira kosaoneka ndi maso kakhoza kuchititsa kuti kabokosi kalire popanda vuto. Koma dziwani malire ake: mlonda ameneyu akanagwira inshuwalansi yokha. Mafuta, zipangizo ndi 1.08 akanazilola kudutsa.

Lipoti lopita kwa mwini bajeti likhale lalifupi, chopezeka chilichonse ndi dzina la tsamba ndi kabokosi, zomwe zilimo, zomwe ziyenera kukhalamo, ndi ndalama zomwe zikusintha, kuyambira chachikulu. Mulekanitse zomwe mwatsimikiza ndi zomwe zikudikira yankho. `C13:N13` ndi `L6` n'zotsimikizika poyang'ana fayilo yokha. `E11` ndi `B10` zatsimikizika ndi pepala la dipatimenti ndi mawu a woyang'anira galimoto, ndipo mulembe choncho. Za 5 ndi 8 zikhale funso, manambala onse awiri ali pambali pake, mpaka amene anagamula za malipiro atayankha.